Pulagi ya DVI yalowa koma chithunzi sichikubwera bwino: yambani ndi kuwerenga mapini

Vuto la DVI, chingwe cholumikiza kompyuta ndi monita, ndi lakuti mapulagi ake onse amaoneka ngati ana a mimba imodzi. Onse ndi otambalala, ambiri ndi oyera, ndipo ali ndi timasikuluu tiwiri m'mbali tomangira ndi zala. Munthu amatola chingwe m'kabati, amachilowetsa, amamanga timasikuluu, n'kuyatsa kompyuta. Kenako sikirini imangokhala bii, kapena chithunzi chimabwera koma zilembo zili zokhadzuka, kapena monita imene munagula chifukwa cha liwiro lake imakana kupitirira 60 Hz. Ambiri akafika apa amayamba kukayikira monita kapena khadi ya zithunzi, ena mpaka amachotsa madalaiva n'kuikanso. Nthawi zambiri chimene chalakwika chili pa nsonga ya chingwe, ndipo mungachione ndi maso ngati mukudziwa poyang'ana.

DVI inakhazikitsidwa mu 1999, nthawi imene mamonita akale a chimutu, omwe amalandira chithunzi cha analogi, anali kusinthana malo ndi mamonita opyapyala a dijito. Amene anaikonza anafuna kuti soketi imodzi izitha kutumikira mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake chigoba chimodzimodzicho chimatha kunyamula zinthu zosiyana kotheratu. Kuti muzisiyanitse, pali malo awiri okha ofunika kuyang'ana.

Malo oyamba: kachitsulo kafulati ndi anzake anayi

Gwirani pulagi, nkhope yake ikuyang'aneni. Mbali imodzi pali mapini ang'onoang'ono ondanda m'mizere itatu. Mbali inayo pali kachitsulo kamodzi kafulati, kogona chopingasa ngati lilime. Yambani ndi kachitsuloko.

Ngati kali kokha, popanda china pamwamba kapena pansi pake, imeneyo ndi DVI-D, ndipo imanyamula dijito yokha. Ngati kazunguliridwa ndi mapini anayi, awiri pamwamba ndi awiri pansi, pulagiyo imanyamula analogi. Mapini anayiwo ali ndi ntchito zodziwika: C1 ndi wa mtundu wofiira, C2 wobiriwira, C3 wabuluu, ndipo C4 ndi amene amauza monita poyambira mzere uliwonse wa chithunzi. Ndi zinthu zomwezo zimene zimadutsa mu chingwe cha VGA cha mutu wabuluu chija, kungoti zavala chigoba china.

Pulagi yokhala ndi mapini anayiwa ingakhale ya mitundu iwiri. Ngati mbali ya mizere itatu ija yadzaza bwino, kapena ili ndi mpata umodzi wokha pakati, ndi DVI-I, yonyamula dijito ndi analogi pamodzi. Ngati mizereyo ili ndi mapini ochepa omwazikana, ngati mano a nkhalamba, ndi DVI-A, ya analogi yokha. Pa mapaketi amalemba 12+5. Masiku ano DVI-A mumaipeza makamaka pa timaadaputa tija tosandutsa soketi ya DVI kukhala ya VGA.

Soketi imawerengedwa mofananamo. Ya DVI-D ili ndi kamng'alu kamodzi kolowera kachitsulo kafulati, basi. Ya DVI-I ili ndi mabowo anayi mozungulira kamng'aluko, ndipo nthawi zambiri kamng'aluko kamaoneka ngati mtanda. Choncho pulagi ya DVI-D imalowa m'soketi zonse ziwiri, koma ya DVI-I kapena DVI-A silowa mu soketi ya DVI-D chifukwa mapini anayi aja alibe kolowera. Ndaonapo anthu akuthyola mapini anayiwo ndi pulayala kuti pulagi ilowe. Chonde musatero. Kachitsulo kafulati ka DVI-I n'kotambalala pang'ono kuposa ka DVI-D, ndiye ngakhale mutathyola anayiwo, mudzakakamizabe n'kuwononga soketi. Komanso ngati mumafuna analogi, mapini amene mwathyolawo ndi amene amanyamula chithunzi chimene mumafunacho.

Malo achiwiri: mpata wa pakati

Tsopano bwererani ku mizere itatu ija. Mzere uliwonse uli ndi malo a mapini asanu ndi atatu, onse pamodzi 24. Ngati onse alipo, pulagiyo ndi ya njira ziwiri, imene pa bokosi amalemba Dual Link. Ngati pakati pali mpata, moti mapini agawika magulu awiri a mapini asanu ndi anayi uku ndi uku, ndi ya njira imodzi, yolembedwa Single Link. Mapini amene akusowa ndi asanu ndi limodzi, awiri pa mzere uliwonse. N'chifukwa chake manambala a pa mapaketi amakhala 18+1 ndi 24+1 pa DVI-D, komanso 18+5 ndi 24+5 pa DVI-I. Nambala yoyamba ikukuuzani za njira, yachiwiri ikukuuzani ngati analogi ilipo.

Njira imodzi ili ndi mawaya atatu apawiri onyamula mitundu itatu, kuphatikizapo awiri ena osunga nthawi. Malire ake ndi 165 MHz, kutanthauza mapikiselo 165 miliyoni pa sekondi. Nambala imeneyi ndi yoyenera kuikumbukira chifukwa imafotokoza pafupifupi zonse. Chithunzi cha 1920x1080 pa 60 Hz chimafuna 148.5 MHz, ndiye chimadutsa. Cha 1920x1200 pa 60 Hz chimafuna pafupifupi 154 MHz, ndipo chimadutsa mopanikizika. Koma 2560x1440 pa 60 Hz chimafuna pafupifupi 241.5 MHz, sichingadutse. Nacho 1920x1080 pa 144 Hz, mukangochulukitsa 1920 ndi 1080 ndi 144 mwafika kale pafupi ndi 299 miliyoni musanawerengere n'komwe mipata imene imasiyidwa m'mphepete mwa chithunzi. Mapini asanu ndi limodzi a pakati aja amabweretsa mawaya ena atatu apawiri, ndipo mapikiselo amagawidwa mosinthanasinthana, iyi kudzera njira yoyamba, yotsatira kudzera yachiwiri.

Pali zinthu ziwiri apa zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, njira yachiwiri imagona tulo mpaka chithunzi chitapitirira 165 MHz. Chingwe cha njira ziwiri pa monita ya 1920x1080 ya 60 Hz sichiwonjezera kalikonse, ndipo chingwe chimene njira yake yachiwiri inafa chingagwire ntchito zaka zambiri popanda wozindikira. Chachiwiri, kompyuta siona chingwe. Imafunsa monita kuti ingathe chiyani, monita imayankha kudzera m'mapini awiri a nambala 6 ndi 7, amene alipo pa zingwe zonse, ndipo kompyuta imakhulupirira yankholo. Ngati monita yanena kuti ingathe 2560x1440, khadi imatha kutumiza chithunzicho m'njira ziwiri ngakhale chingwe chili ndi imodzi. Theka la mapikiselo limathera panjira.

Chimene pulagi singakuuzeni

Kuwerenga mapini kumakuuzani chimene chingwe sichingathe. Pulagi ya mpata pakati sidzanyamula njira ziwiri, ndipo yopanda mapini anayi sidzanyamula analogi. Koma kukhalapo kwa mapini sikutsimikizira kuti kuseri kwake kuli mawaya, ndipo pa masoketi ndiye bodza limachuluka. Pafupifupi soketi iliyonse ya DVI ili ndi mabowo onse 24, ngakhale ikhale ya njira imodzi, kuti chingwe chilichonse chizilowa. Masoketi ambiri a DVI a pa madabodi, amene amadalira zithunzi za m'kati mwa purosesa, amathera pa 1920x1200 ngakhale akuoneka odzaza. Zipangizo zinanso zili ndi soketi yooneka ngati DVI-I koma mabowo anayi aja sanalumikizidwe kulikonse. Pa soketi, choona chenicheni chili m'buku la chipangizocho, pamene alemba kukula kwa chithunzi kumene soketiyo ingafike.

Nkhani ya monita ya mainchesi 27

Mnzanga wina anagula monita yakale ya mainchesi 27, ya 2560x1440, yokhala ndi khomo limodzi lokha la DVI-D. Wogulitsa anamuonetsa ikugwira bwino. Atafika nayo kwake anaigwiritsa chingwe cha monita yake yakale, ndipo atasankha 2560x1440 zilembo zinaoneka ngati zadyedwa m'mbali, mizere yoima yopyapyala ina ikusowa, ndipo nthawi zina sikirini inkazima kwa kamphindi. Anandiitana ali wotsimikiza kuti amunamiza.

Chinthu choyamba chimene tinachita sichinali kutsegula kompyuta. Tinamasula chingwe n'kuyang'ana nkhope yake ndi tochi. Panali mpata pakati, 18+1. Zilembo zodyeka zija zinali zomveka tsopano, chifukwa pikiselo imodzi mwa ziwiri zilizonse sinkafika. Tinakatenga china cha 24+1 chimene chinabwera ndi adaputa ina yotchipa, chopyapyala ngati chingwe cha mbewa ya kompyuta. Titachilumikiza, vuto linali lomwe lija.

Apa m'pamene anthu ambiri amataya mtima n'kunena kuti chingwe tasintha, ndiye vuto ndi monita. Koma kupyapyala kwa chingwecho kunandikayikitsa. Chingwe chenicheni cha njira ziwiri chili ndi mawaya asanu ndi awiri apawiri otchingidwa, ndipo chimakhala chonenepa ndi cholimba pochipinda. Tinatenga malitimita n'kuiika pa malo amene imalira mawaya akalumikizana. Tinagoneka mapulagi onse awiri pa tebulo mofanana, kachitsulo kafulati kali mbali imodzi ndipo mbali yotambalala ya chigoba ili pamwamba pa onse awiri, chifukwa chingwe cha DVI chimalumikiza pini iliyonse ndi inzake ya pa malo omwewo. Mapini a m'mphepete onse analira. Titafika pa asanu ndi limodzi a pakati, a nambala 4 ndi 5, 12 ndi 13, 20 ndi 21, malitimita inangokhala chete. Mapini analipo, mawaya munalibe. Powerenga manambalawa muziyambira ku mbali yakutali ndi kachitsulo kafulati: mzere wina ndi 1 mpaka 8, wapakati 9 mpaka 16, wotsala 17 mpaka 24. Koma ngakhale osawerenga, mizati iwiri ya pakati ndi imeneyo.

Chingwe chachitatu chinali chonenepa, cha mamita awiri, ndipo mapini onse analira. Chithunzi chinabwera choyera pa 2560x1440 pa 60 Hz.

Nkhaniyi inali ndi mchira. Patapita miyezi mnzangayo anasintha khadi ya zithunzi n'kugula yatsopano yopanda DVI, yokhala ndi HDMI ndi DisplayPort zokha. Anagula kachingwe ka HDMI mbali ina, DVI mbali ina, ndipo mbali ya DVI inali ndi mapini onse 24. Monita inakananso. Apa palibe chifukwa choyezera ndi malitimita, chifukwa yankho limadziwika kale. Pulagi wamba ya HDMI ili ndi njira imodzi yokha. HDMI imafika pa zithunzi zazikulu poithamangitsa njira imodziyo kupitirira 165 MHz, pamene monita ya DVI imayembekezera kuti chithunzi chachikulu chibwere chogawidwa pawiri. Kachingwe kongolumikiza waya ndi waya sikangagawe chithunzi. Mapini a pakati pa kachingwe koteroko ndi ongokongoletsa. N'chimodzimodzinso ndi timaadaputa wamba ta DisplayPort kupita ku DVI: timapereka njira imodzi.

Chimene chinathetsa vutolo ndi adaputa yokhala ndi chipi m'kati, yochoka ku DisplayPort kupita ku DVI ya njira ziwiri. Imakhala ngati kabokosi, ndi yodula kuposa inzake, ndipo zambiri mwa zimenezi zili ndi kachingwe kena ka USB kotengera mphamvu. Pogula, mawu akuti Active paokha sakwana, chifukwa palinso maadaputa okhala ndi chipi amene amapereka njira imodzi. Funani pamene alemba 2560x1600, ndipo ngati monita yanu ndi ya 144 Hz, funani pamene alemba liwirolo mwachindunji, chifukwa si zonse zimene zimafika pamenepo.

Si monita iliyonse imene imaonetsa vutoli mofanana. Ina imangokhala yakuda, ina imalemba uthenga wodandaula za chingwe, ndipo mamonita ena akale a mainchesi 30 a 2560x1600 amatsikira pa 1280x800, theka la mulifupi ndi theka la mulitali. Pa mamonita a 144 Hz chizindikiro chodziwika n'chakuti 60 Hz ikuyenda bwinobwino koma 120 kapena 144 palibe pa mndandanda, kapena mukaisankha chithunzi chimasokonekera. Kuyesa kwachangu n'kumodzi pa zonsezi: tsitsani chithunzi kufika pa 1920x1080 pa 60 Hz. Ngati monita ili yoti imalandira kukula kumeneku ndipo vuto latha, ndiye njira yoyamba ili bwino, ndipo chokayikitsa ndi yachiwiri, kaya mu chingwe, mu adaputa kapena mu soketi.

Monita ya VGA pa khadi yatsopano

Vuto lina lobwerezabwereza ndi la analogi. Munthu ali ndi monita kapena purojekita ya VGA, ndipo kwa zaka wakhala akugwiritsa kaadaputa kakang'ono pa soketi ya DVI-I. Wasintha khadi, kaadaputa kaja sikakulowanso. Makadi a zithunzi anasiya analogi pang'onopang'ono: AMD inaichotsa pa Radeon R9 290 mu 2013, ndipo Nvidia inaichotsa pa GeForce GTX 1080 ndi anzake a m'badwo umenewo mu 2016. Soketi ya DVI imene inatsala pa makadi otere ndi DVI-D.

Kaadaputa kakale kaja sikasandutsa chilichonse. Kamangotenga analogi imene khadi yapanga kale pa mapini anayi aja, limodzi ndi pini ya nambala 8 yomwe imauza monita poyambira chithunzi chatsopano, n'kuziika pa mabowo a VGA. Ngati khadi sipanga analogi, palibe chotenga. Chomvetsa chisoni n'chakuti amagulitsanso timaadaputa topanda chipi tokhala ndi pulagi ya 24+1 mbali ina ndi VGA mbali ina. Timalowa bwinobwino, koma pa soketi ya dijito yokha sitingatulutse chithunzi. Chofunika ndi chosandutsa chenicheni, chokhala ndi chipi yosintha dijito kukhala analogi. Nthawi zambiri chimakhala ndi kachingwe kafupi ndi kabokosi kumapeto, ndipo chimadya mphamvu ya 5 V yochokera pa pini ya nambala 14. Ngati khadi ili ndi DisplayPort kapena HDMI yosagwiritsidwa ntchito, zosandutsa zochokera kumeneko kupita ku VGA zimagwiranso ntchito yomweyo.

Amene ali pa Linux angathe kufunsa kompyuta mayina a makomo ake:

```
xrandr --query
```

Mayankho ake amakhala ndi mayina ngati DVI-I-1 kapena DVI-D-0, ndipo pansi pa khomo lolumikizidwa pamakhala mndandanda wa kukula kwa zithunzi kumene kulipo. N'zothandiza, koma mayinawo amaperekedwa ndi dalaiva, ndiye ayerekezeni ndi zimene maso anu aona pa soketi.

Mapini opindika

Ngati mitundu ya mapulagi ikugwirizana koma chithunzi sichili bwino, yang'anani mapini amodzi amodzi ndi tochi. Ndi opyapyala ndipo amapindika msanga, makamaka munthu akamalowetsa pulagi mopapasa kuseri kwa tebulo. Maonekedwe a vuto amakuuzani koyang'ana. Pa analogi, mtundu umodzi ukasowa chithunzi chonse chimasintha khungu: chikakhala chachikasu ndiye wabuluu wasowa, chikakhala chapinki ndiye wobiriwira, chikakhala chobiriwira motuwira ku buluu ndiye wofiira. Yang'anani mapini anayi aja. Pa dijito vuto limaoneka ngati timadontho tothwanima, makamaka pa malo akuda, kapena chithunzi kuzima n'kubwereranso. Timadonthoti timabweranso chingwe chikatalika kwambiri, ndipo pa zithunzi zazikulu ndi bwino kusapitirira mamita asanu. Ngati kompyuta sikuzindikira n'komwe kuti pali monita, kapena ikungopereka tizithunzi tating'ono ngati 1024x768, kayikirani mapini 6, 7, 14 ndi 16, amene amagwira ntchito yodziwitsana.

Pini yopindika pang'ono imawongoka. Zimitsani zonse, tengani kapulayala ka mlomo wosongoka kapena nsonga ya pensulo ya makina yopanda mtovu, lowetsani piniyo m'kabowo ka nsongayo, n'kuikankha pang'onopang'ono kamodzi kokha. Mukaibweza uku ndi uku imathyoka. Ikakhala kuti yalowa m'kati mwa pulasitiki n'kufupika kuposa zinzake, chingwecho chisiyeni.

Pomaliza, si pulagi iliyonse yooneka ngati DVI imene ili DVI. Makadi ena a makompyuta a m'maofesi ali ndi soketi ya DMS-59, ya kukula kofanana koma ya timabowo tambirimbiri m'mizere inayi ndipo yopanda kamng'alu ka kachitsulo kafulati, ndipo imafuna chingwe chake chogawika pawiri. Mapurojekita ena akale ali ndi soketi ya M1, yotalikirapo, yokhala ndi mabowo khumi pa mzere m'malo mwa asanu ndi atatu. Pulagi ikakana kulowa ndi mphamvu ya zala ziwiri, itulutseni, yatsani tochi, muwerenge mabowo a mzere umodzi.